Ndodo inatuluka yozizira

Fungo linatilandira tisanafike n'komwe pamulu wa manyowa. Linali ngati la mazira owola, losakanikirana ndi la madzi oima m'ngalande. Mayi mwini wake wa muluwo anaima chapatali atagwira m'chiuno, ndipo sanatiyang'ane kumaso.

Azakhali anga ndi mlimi wotsogolera m'kalabu ya amayi kumudzi kwathu, kufupi ndi nyanja ya Malombe. Sanafunse chilichonse. Anathyola ndodo ya nsungwi, anaisongola ndi chikwanje, n'kuibaya pakati pa mulu mpaka pansi. Tinadikira kanthawi tili chete. Atazula anaigwira ndi chikhatho, kenako anandipatsa.

"Gwira, mwanangu."

Inali yozizira, yoterera, yothimbirira. Mulu wa masiku 12 unayenera kutulutsa ndodo yofunda. Kunsi kwake kunkatuluka madzi akuda amene anali atajambula kanjira pamchenga.

Ndiye mayi aja anayankhula, motsitsa mawu. "Ine ndinangochita monga mmene anachitira bambo a m'foni aja."

Bambo a m'foniwo ndinawapanga ndine.

## Mzere umodzi

Ndimakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemole pa Boma. Azakhali anandipempha kuti ndiwapezere kakanema kosonyeza kapangidwe ka manyowa, chifukwa amayi a m'kalabu sakhala onse tsiku la chionetsero: wina ali kumaliro, wina wapita kukapikula usipa. Ankafuna choti munthu aziwonera yekha madzulo. Mnzanga wina anali ndi pulogalamu ija yopanga kanema kuchokera pa mawu. Umalemba m'kabokosi zimene ukufuna kuona, mawu amene anyamata amangoti pulomputi, ndipo pakapita mphindi zochepa kanema watuluka. Ndinalemba m'Chingerezi chifukwa mapulogalamuwa amamva bwino chimenecho, ndipo ndinalemba mzere umodzi wokha:

```
African farmer making compost step by step, layering materials, watering thoroughly, training video
```

Kanatuluka kokongola, ka masekondi 8. Bambo wovala chipewa anaunjika masamba obiriwira, anatenga ndowa n'kukhuthula madzi onse pamwamba mpaka anayenderera pansi chuchuchu, anatsendera muluwo ndi manja awiri, ndipo pomaliza ananyamula dothi lakuda bii n'kumwetulira. Ndinaikapo mawu anga ofotokoza mwachidule, ndinatumiza pa WhatsApp kwa amene ali ndi mafoni akuluakulu, ena ndinawaikira m'mamemole. Azakhali anali ku Namwera sabata imeneyo. Sanakaone kasanafalikire.

Mawu awiri a mumzere uja oti "watering thoroughly" amatanthauza kuthirira mokwanira. Ine m'mutu mwanga mokwanira ndinkatanthauza kuti pasatsale pouma. Makina sadziwa za m'mutu mwa munthu. Anatenga kuthirira kumene kumaoneka bwino pakanema, kwa madzi ambiri onyezimira padzuwa. Ndipo mayi aja anaonera kanemayo kangapo, anapita kumjigo maulendo osawerengeka, n'kukhuthula ndowa za malita 20 pa gawo lililonse. Mawu anga ankati "thirirani pang'ono", koma maso awo ankaona ndowa yonse ikukhuthulidwa. Anakhulupirira maso.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi madziwo. Aliyense wa kuno amadziwa mtunda wa kumjigo m'mwezi wa Julaye, ndi mzere wa zigubu umene umapeza kumeneko. Mayiwa anasenza madzi onsewo pamutu kuti aononge mulu wawo womwe.

## M'kati mwa mulu

Azakhali anaugumula muluwo ndi khasu kuti tione. Pamwamba panali pouma ndithu chifukwa cha mwera, moti munthu wodutsa sakanadziwa kanthu. Koma chikhatho chimodzi kulowa m'kati munali phala lobiriwira modera, lomata kukhasu.

Kunapezeka kuti zolakwika zinali zitatu, ndipo zonse zinali m'kanema wanga. Choyamba madzi aja. Chachiwiri, bambo wa m'foni ankaunjika zobiriwira zokhazokha, ndiye mayiwa anapita kugombe n'kukazula namasupuni wambiri, n'kumuika ali muwisi. Namasupuni amapanga manyowa ndithu, koma thupi lake pafupifupi lonse ndi madzi, ndipo amafunika kumuyanika afote kaye asanalowe pamulu. Chachitatu anatsendera, mpaka anakwerapo ndi mapazi.

Chimene chimawoletsa zinyalala kuti zisanduke manyowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo timene timagwira ntchitoyi mwachangu timapuma mpweya monga ife. Tikamadya timatulutsa kutentha. N'chifukwa chake mulu womangidwa bwino umafunda pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo pakati pake pamatha kufika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kumene kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo ta matenda. Madzi akadzaza timipata tonse ta pakati pa mapesi, mpweya umasowa pokhala. Tizilombo topuma mpweya timaleka ntchito, ndipo timalowa m'malo ndi tina timene timakhala popanda mpweya. Timeneti timagwira ntchito pang'onopang'ono, sititenthetsa mulu, ndipo ndi timene timatulutsa fungo la mazira owola. Madzi akuda otuluka kunsi aja ndi chakudya cha mbewu chikuthawira mumchenga.

Azakhali sananene zonsezi m'mawu amenewa. Anangoti, "Mulu uwu wamira. Munthu ukamumiza m'madzi angapume?"

## Chibakera

Apa ndi pamene ndimabwererapo nthawi zonse ndikamaganiza za tsiku lija.

Azakhali anatapa phala lija m'dzanja n'kufinya. Madzi anatuluka m'mipata ya zala n'kuyenderera mpaka m'chigongono. "Ichi n'chomira." Anatapa mapesi ouma a pambali n'kufinya. Atatambasula dzanja anangomwazika. "Ichi n'chaludzu." Kenako anatenga mapesi odula, anawawaza madzi ndi zala, anawatembenuza, anadikira pang'ono, n'kufinya mwamphamvu mpaka mitsempha ya dzanja inaoneka. Pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati panaoneka kadontho kamodzi. Sikanagwe. Kananjenjemera pomwepo. Atatambasula dzanja, zinthuzo zinakhalabe chibulunga, ndipo chikhatho chinali chonyezimira.

"Apa ndiye pake. Kanema wako uja anaonetsa zimenezi?"

Ndinati ayi, Azakhali.

"Nanga anaonetsa chiyani?"

Ndinalibe yankho. Ndaona anthu akupanga manyowa kuyambira ndili mwana. Ndikanafunsidwa ndondomeko ndikanaitchula bwinobwino: zouma, zobiriwira, ndowe, dothi, madzi. Koma kadontho kameneko ndinali ndisanakayang'anepo. Ndinkadziwa maina a zochita, osati maonekedwe ake. Ndiye ndinapatsa makina maina, iwo n'kudzisankhira maonekedwe. Mlimi woonera kanema samva dzina la chochita. Amaona mmene dzanja lapendekera, kuchuluka kwa zimene zili m'dengu, ndi pamene munthuyo wasiyira kuthira.

Madzulo amenewo ndinafufuta kanema uja paliponse pamene ndikanatha, ndipo ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa amene ndinawaikira m'mamemole. Loweruka lotsatira ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope, azakhali akumanga mulu watsopano, ine n'kumalemba chilichonse chimene dzanja lawo linkachita.

## Zimene ndinalemba m'kope

Anayamba ndi kusankha malo: pamthunzi, pokwererapo pang'ono kuti madzi a mvula asadzaimepo. Kuno dzuwa ndi mwera zimaumitsa mulu wa pamtetete m'masiku ochepa. Anayeza mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'litali, anakhoma zikhomo zinayi, n'kugaula pansi pang'ono ndi khasu. Ndinafunsa chifukwa chake sitingamange kamulu kakang'ono kuti ntchito ichepe. Anati kamulu kakang'ono sikasunga kutentha, kamazizira usiku umodzi, ndipo chimulu chachikulu kwambiri mpweya sufika pakati.

Pansi penipeni anayala mapesi athunthu ndi timitengo ta nandolo mopingasa, kuti mpweya uzilowera kunsi. Awa okha ndi amene sanadule. Mapesi ena onse anawadula pachipika, zidutswa zotalika ngati chala kapena kupitirirako pang'ono. Ntchito imeneyi inatenga nthawi yaitali kuposa ina iliyonse, ndipo m'kanema wanga woyamba munalibiretu. Phesi lathunthu lili ndi khungu lolimba loterera limene madzi amangodutsapo. Ukalidula, madzi ndi tizilombo zimalowera kumapeto kumene kuli kofewa.

Kenako magawo. Zouma, mapesi odula ndi udzu, anayala mulingo wa dzanja lotambasula kuyambira chala chachikulu mpaka chaching'ono, pafupifupi masentimita 20. Anawaza madzi. Zobiriwira, masamba a gilisidiya ndi namasupuni wofota, theka la mulingo umenewo. Ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku zala ziwiri kapena zitatu. Pamwamba pake anawaza dothi lachonde la pansi pa mtengo, longophimba. Anayambiranso zouma.

Phulusa analiika mosamala, ndipo ndinadabwa. Analiwaza pang'ono pa gawo la zouma, osati pa ndowe. Phulusa likakhudzana ndi ndowe kapena zitosi zonyowa limathamangitsa nayitirojeni, amene amauluka ngati mpweya wonunkha mkodzo. Nayitirojeniyo ndi amene tikumufuna kumunda. Pakanema kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, dzanja lomwelo likuwaza ufa wotuwa womwewo. Chosiyana ndi chimene chili pansi pa dzanjalo.

Anabwereza mpaka mulu unafika pachifuwa pawo, anabaya ndodo pakati, n'kufunditsa udzu wouma ndi masamba a nthochi.

M'kope mwanga munatuluka zochita 11. Kanema woyamba anazipanikiza zonse m'masekondi 8, n'chifukwa chake makina anasankha zitatu zooneka bwino n'kutaya zina zonse.

## Kulembanso

Mapulogalamu amenewa amatulutsa tizidutswa tatifupi, ta masekondi ochepa. Ndiye chochita chimodzi chizikhala ndi kachidutswa kake ndi pulomputi yake, kenako umazilumikiza wekha pafoni. Koma makina sakumbukira kachidutswa kapitako. Ukapanda kusamala, mayi wa gawo loyamba amasanduka mtsikana m'gawo lachiwiri, ndipo mchenga umasanduka kapinga. Ndinalemba ndime imodzi yosasintha imene ndinkaimata koyambirira kwa pulomputi iliyonse, osasintha ngakhale liwu limodzi:

```
Malawi, dry season, sandy yard, shade of a mango tree.
Woman about 50, blue wrap cloth, headscarf, bare hands.
Fixed camera at waist height, no cuts, no on-screen text.
```

Mzere woyamba ukutchula malo: chilimwe, bwalo lamchenga, mthunzi wa mango. Ukapanda kutchula, makina amakupatsa munda wa kunja, wokhala ndi bokosi lamatabwa, foloko yaikulu ndi magolovesi. Mlimi wa kuno akaona zimenezo amati manyowa ndi a anthu okhala ndi zipangizo. Mzere wachiwiri ndi munthu: mayi wa zaka ngati 50, wa chitenje chabuluu ndi mpango kumutu, manja osavala kanthu, chifukwa muyeso wathu wonse uli m'manja. Mzere wachitatu ukuuza kamera kuti iime malo amodzi, pa msinkhu wa m'chiuno, ndiponso kuti pasalembedwe mawu pakanema. Makinawa amakonda kamera youluka mozungulira, imene imasangalatsa koma suona kukhuthala kwa gawo. Zilembo zawo nazo zimatuluka zopotoka, zosawerengeka.

Ndimeyi yokha sinakwanire kusunga nkhope imodzi. Chimene chinathandiza ndi kujambula chithunzi cha malo enieni ndi zikhomo zake, n'kuchipereka ngati chithunzi choyambira. Mchenga, mthunzi ndi kukula kwa mulu zinasiya kusinthasintha.

Pansi pa ndime yosasinthayo m'pamene pamabwera chochita. Cha madzi ndinachilemba kasanu. Chimene chinagwira ndi ichi:

```
She makes one slow pass with a metal watering can with a rose
over chopped maize stalks. Fine spray. Stalks darken.
The sand around the heap stays pale and dry. She lifts the can away.
```

Mukayerekeza ndi mzere wanga woyamba muona kuti mulibe liwu loweruza, monga bwino, mokwanira kapena mosamala. Muli chida, keni yokhala ndi chisa chake chowazira. Muli kuchuluka, kudutsa kamodzi pang'onopang'ono. Muli chizindikiro choti madzi akwana, mapesi kusintha mtundu n'kudera. Muli chizindikiro choti sanapyole, mchenga wa m'mbali kukhalabe mbuu. Ndipo muli mathero, mayi kuchotsa keni. Mathero amenewa ndi amene ndinawaphunzira mochedwa. Pa maulendo oyamba mayi wa m'kanema ankangothirabe mpaka kachidutswa kutha, ndipo woonera sakanadziwa posiyira.

Ndinaonanso kuti kuletsa sikugwira bwino pa zinthu zooneka. Ndikalemba kuti pasakhale madzi oyenderera, nthawi zina ankabwera ndithu, ngati kuti kungowatchula ndi kuwaitana. Ndikalemba chimene ndikufuna kuona m'malo mwake, mchenga wouma, zinkayenda.

Manambala nawo sankawatsatira. Ndikalemba masentimita 20, gawo linkatuluka lopyapyala ngati mkeka kapena lofika m'mawondo. Ndinasintha n'kulemba kuti mayi aimike dzanja lotambasula m'mbali mwa gawo, chala chaching'ono pansi, chachikulu chikhudze pamwamba. Izi zinathandiza makina, koma zinathandiza kwambiri woonera, chifukwa kumudzi kwathu tepi yoyezera ili ndi amisiri omanga okha, pamene dzanja aliyense ali nalo.

Panali kena kamene azakhali anakagwira ine ndisanakaone. M'kachidutswa ka ndowe makina anaika kakhola kumbuyo, ndipo nyama ya m'katimo inkaoneka ngati nkhumba. Theka la kalabu yathu ndi Asilamu. Azakhali anati kanemayo akanafera pomwepo, ndipo manyowawo akanatchedwa dzina lina. Kuyambira apo ndinkalemba kuti mbuzi ziwiri zomangirira pachikhomo, ndipo ndowe ndinkazifotokoza maonekedwe ake, timibulu touma takuda m'lichero.

## Chimene sindinachipeze

Kufinya kuja ndinayesa masiku awiri, mpaka bandulo inatha. Ndinalemba kadontho kamodzi pakati pa zala, kosagwa. Makina ankatulutsa madzi ochucha ngati munthu akufinya nsalu yochapa, kapena dzanja louma gwa. Ulendo wina zala zinalowerana, ulendo wina zinachuluka. Manja ogwira tinthu tating'ono ndi pamene makinawa amafooka kwambiri, ndipo phunziro lonse la manyowa lagona pomwepo.

Ndinasiya. Ndinatenga foni yanga, ndinapempha azakhali kuti afinye katatu monga anachitira tsiku lija, chomira, chaludzu ndi chapake, ine n'kujambula pafupi, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Zinatenga mphindi 10. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi ndodo, ndi maonekedwe a manyowa okupsa. Zimenezi ndi zinthu zimene mlimi adzayerekeze ndi za m'dzanja lake, ndiye ziyenera kukhala zenizeni. Dothi lakuda la makina limanyezimira ngati khofi wogaya, pamene manyowa enieni okupsa ndi odera, ofumbutuka, ndipo mumapezekabe tizidutswa ta phesi apo ndi apo. Mayi woona dothi la makina angaganize kuti ake sanapse, n'kumadikirabe mvula ikugwa.

Wina angafunse kuti bwanji osangojambula zonse ndi foni. Ndinadzifunsanso, ndipo kunena zoona mbali yaikulu ya phunziroli foni ikanakwanitsa. Pamene makina anandithandiza ndi pa zimene sindikanazijambula sabata imeneyo: kutembenuza mulu kumene kunali kusanafike nthawi yake, ndi kuonetsa mulu wodulidwa pakati ngati buledi kuti magawo onse aoneke pamodzi. Chithunzi chimenecho amayi anachikonda, chifukwa pamulu weniweni gawo lililonse limabisa linzake. Koma ngakhale ndikanajambula zonse ndekha, kope lija likanafunikabe. Popanda ilo ndikanaloza kamera kunkhope ya azakhali, osati kuchala chawo.

## Masiku saoneka

Bodza lalikulu la kanema woyamba linali kumapeto kwake: kuthira madzi, kenako dothi lakuda, popanda chodutsa pakati. Makina alibe njira yoonetsera miyezi. Choncho nthawi ndinaisenzetsa mawu a munthu. Azakhali anajambulitsa mawu awo m'Chichewa, ndipo mayi wina wa m'kalabu anawabwereza m'Chiyao. Pakati pa tizidutswa ndinaika chikwangwani cholemba ndekha, cha nambala yaikulu imodzi.

Mawuwo amanena kuti pa tsiku la 3 zulani ndodo. Ikakhala yofunda ndi yonyowa pang'ono, mulu wagwira. Ikakhala yozizira ndi youma, kapena mukaona nkhungu yoyera ngati phulusa m'kati, mulu uli ndi ludzu, wazani madzi. Ikakhala yozizira, yoterera ndi yonunkha, wamira, ugumuleni. Ikakhala yonyowa bwino, yosanunkha koma yozizirabe, ndiye kuti zouma zachuluka ndipo ndowe ndi zobiriwira zachepa. Pakatha masabata 3, kutentha kukayamba kutsika, tembenuzani, za kunja zilowe m'kati, za m'kati zituluke kunja, chifukwa m'mphepete simupsa. Mulu umafundanso. Mukatembenuza kawiri kapena katatu, pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa: mulu watsika pafupifupi ndi theka, wazizira wokha, ndipo ukununkhira ngati dothi la mvula yoyamba.

Azakhali anaumirira kuti mawu oyamba penipeni anene mtundu wa manyowa amene tikupanga, wa mulu wotembenuza. Ena m'mudzi amapanga a chimato, amene amamatidwa ndi dothi kunja n'kusiyidwa osatembenuza, ena a m'dzenje. Munthu akasakaniza njira, n'kumata mulu wonyowa kwambiri popanda kabowo ka mpweya, amafika pomwe anafika mayi aja. Ndinaika chiganizo chimenecho kanema asanayambe n'komwe.

Kanema yense anakwana mphindi ziwiri ndi theka. Ndinamupanga chogona, osati choimirira, chifukwa mafoni ambiri a kumudzi ndi aang'ono a mabatani, ndipo ndinamupeputsa kuti asadye bandulo. Asanapite kwa aliyense, azakhali anamuonera kawiri. Ulendo wachiwiri ndinazimitsa mawu, ndipo ndinawapempha kuti anene chimene munthu angachite atangoona zithunzi zokha. Anaimitsa pa gawo la zobiriwira. Anati dengu la mayi wa m'kanema ladzaza mofanana ndi la zouma, ndipo woonera adzathira mofanana. Ndinabwerera kukalemba kuti dengu likhale theka.

## Kwa mayi aja

Mulu wawo sitinautaye. Tsiku lomwe lija tinaumwaza pamchenga kuti uone dzuwa, ndipo mawa lake ine ndi mwana wawo wamwamuna tinakhala pachipika kudula mapesi mpaka manja anatuluka matuza. Tinamanganso, madengu awiri a mapesi ouma pa dengu limodzi la phala lija, ndowe za mbuzi pang'ono, osathira madzi ngakhale dontho chifukwa phalalo linali ndi madzi okwanira kunyowetsa zonse. Sitinatsendere. Tinangoyala n'kusiya.

Ndinawapepesa. Anati, "Achimwene, kupepesa ndamva. Koma ulendo wina muziyamba mwaonetsa azakhali anu."

Patapita masiku anayi ndinapita m'mamawa, ndisanakwere njinga ya ku Boma. Kunkazizira, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja. Ndinawapeza ali kale pamulu, atafunda chitenje kumapewa. Fungo linali lisanatheretu, koma linali litachepa. Anazula ndodo okha, anaigwira ndi chikhatho, kenako anaiika patsaya. Pamene panachoka ndodopo pankatuluka kanthunzi kochepa.

Anaitana mwana wawo wamkazi amene ankasesa pabwalo kuti adzagwire nayenso. Kenako anapisa dzanja m'mbali mwa mulu, anatapa, n'kufinya akuyang'anitsitsa pakati pa zala zawo.